Katoni ya azakhali ku Chipyela: mchere wina timatumiza ndi ife tomwe

Mwezi uliwonse malipiro akangolowa, ndimamanga katoni ya azakhali anga a ku Likoma. Ndiwo anandilera, ndipo fizi yanga yambiri inachokera m'dengu lawo la usipa. Amakhala ku Chipyela, kumtunda kuja kuli tchalitchi chachikulu cha St Peter's ndi chipatala chake. Katoniyo ndimaiperekeza kuchokera kuno ku Mzuzu mpaka ku Nkhata Bay, imakwera Ilala, kenako msuweni wanga amakailandira ikafika pachilumba.

Kwa zaka ziwiri zam'katimo sizinkasintha: shuga, mafuta ophikira, sopo, majarini, timakyubu tokometsera ndiwo, mapaketi a soya pisi ndi zitini zinayi za nsomba. Inde, mwamva bwino. Ndinkatumiza nsomba za m'chitini kwa munthu amene akangotuluka panja amaona nyanja. Ndinkafuna anthu azidziwa kuti mwana amene anamulera uja ali pantchito m'tauni.

Azakhali ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, lija tonse timangoti bipi. Mankhwala amamwa mosadumphitsa, koma tsiku lina msuweni wanga anandiimbira kuti kusikelo awapeza ndi 168/100, chikhalirecho malire amene madokotala amayambira kudandaula ndi 140/90. Anawauza kuti achepetse mchere. Nditawaimbira, anandiyankha mokhumudwa: "Mwanawe, mchere ndinasiya kalekale. Pambale sindithiranso. Ndiye akufuna ndisiyenso chiyani?"

Sankanama. Chimene iwo ndi ine sitinkadziwa n'choti mchere wina unkabwera pa Ilala, m'katoni yomanga ine ndemwe. Ngati nanunso mumagulira zakudya kholo kapena m'bale wa bipi, nkhani ya lero ndi yanu.

Malire ake ndi supuni imodzi

Tiyambe ndi muyezo, chifukwa mawu oti "chepetsani mchere" aliyense amawamva mwakemwake. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asamafike magalamu 5 a mchere patsiku. Kukhitchini, magalamu 5 ndi supuni yaing'ono ya tiyi imodzi, yosefula bwino osati ya phiri. Supuni imeneyi si ya mphika umodzi ayi. Ndi ya tsiku lonse, kuyambira kadzutsa mpaka mgonero, kuphatikizapo mchere umene unalowa kale m'zakudya zogula.

Chimene chimavuta mumchere ndi sodiyamu. Akachuluka m'thupi amasunga madzi, magazi amachuluka m'mitsempha, ndipo mtima umapopa mokakamiza ngati mjigo wolimba. Zikapitirira kwa zaka, mapeto ake amakhala sitiroko, mtima kufooka kapena impso kuwonongeka. Si vuto la anthu ochepa. Kafukufuku amene boma linachita mothandizana ndi WHO mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi anali ndi bipi yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe.

Gwirani dzina limenelo, sodiyamu, chifukwa sapezeka mumchere mokha. Tikumana naye m'malo ena amene simukuwaganizira.

Tinakhala pansi n'kuwerengera

Nditapita kukawaona patchuthi, ndinakhala sabata yathunthu ndikungoyang'ana mphika. Pakhomopo pamadya anthu anayi. Ndinafunsa kuti paketi ya mchere ya magalamu 500 imatha masiku angati, ndipo msuweni wanga anati siidutsa masiku 25. Ndinatenga foni n'kugawa: 500 kugawa masiku 25 ndi magalamu 20 patsiku, ndipo 20 kugawa anthu anayi ndi magalamu 5 aliyense. Mwaona? Mchere wa m'paketi wokha unali utadzaza kale supuni ya azakhali. China chilichonse chobwera pamwamba chinali chosefukira.

Ndiye zapamwambazo zinalipo. Mumphika wa ndiwo ankaponyamo timakyubu tiwiri masana, tiwirinso madzulo. Kakyubu kamodzi kaja kamalemera pafupifupi magalamu 4, ndipo kawirikawiri theka lake ndi mchere weniweni. Timakyubu tinayi ndi magalamu 8 a mchere, kutanthauza magalamu 2 pa munthu aliyense. M'mawa azakhali ankadya magawo atatu a buledi wopaka majarini, amene amabweretsa galamu imodzi n'kanthu. Muchigwada kapena muthelere ankathiramo theka la supuni ya soda, yemwe ankawonjezera pafupifupi theka la galamu pa munthu.

Tikaphatikiza: 5, kuwonjezera 2, kuwonjezera 1, kuwonjezera theka, tafika pa magalamu 8 ndi theka. Apatu sitinawerengere tsiku la soya pisi kapena la chitini cha nsomba. Munthu amene ankalumbira kuti anasiya mchere ankadya pafupifupi kawiri mlingo woyenera.

Masamu amenewa si a mulabu. Mchere wina umatsalira mumsuzi, wina amatsukira nsomba, komanso anthu pakhomo sadya mofanana. Koma amakupatsani chithunzi chokwanira kudziwa poyambira. Yesani kwanu: lembani tsiku limene paketi yatsegulidwa, dikirani ithe, mugawe ndi masiku, mugawenso ndi anthu. Mukapeza 5 kapena kuposa, dziwani kuti wodwala wanu akudutsa malire tsiku lililonse.

Soda: mchere wosawawa pakamwa

Pa zonsezi, chimene chinawadabwitsa kwambiri azakhali ndi soda. "Soda ndi mchere kuyambira liti?" anandifunsa. Zoona, soda wophikira salawika ngati mchere, koma m'kati mwake muli sodiyamu yemweyo. Supuni yaing'ono imodzi ya soda ili ndi sodiyamu wofanana ndi wa m'magalamu atatu a mchere. Thupi silisiyanitsa kuti uyu wachokera m'paketi ya mchere, uyu wachokera m'paketi ya soda.

Ku Likoma nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa chinangwa ndicho chakudya cha pakhomo: nsima ya kondowole, ndiwo zake chigwada. Ambiri amathira soda muchigwada kuti chifewe msanga, nkhuni zisathe. Ndipo poti soda sapereka kukoma kwa mchere, amathiranso mchere pamwamba pake. Mphika umodzi, sodiyamu kawiri.

Chigwada chimatheka popanda soda. Sankhani masamba anthete a kunsonga, muwasinje mumtondo mpaka asalale, muwawiritse mokwanira osavundikira poyamba, kenako muthire tomato ndi nsinjiro. Kusinja ndi kuwiritsa mokwanira musakudule, chifukwa ndiko kumachotsa poizoni wachilengedwe amene amakhala m'masamba a chinangwa. Zimatenga nthawi yotalikirapo, koma phindu lina n'loti mavitamini ena amene soda amawononga amatsala m'ndiwo.

Thelere ndiye lovutirapo, pakuti ambiri saliona ngati thelere likapanda soda. Apa nzeru ndi kuchepetsa: kotsina ndi zala ziwiri m'malo mwa supuni, ndipo lisakhale la tsiku ndi tsiku. Ena amabwerera ku chidulo cha makolo, chija chosungunula phulusa. Chidulo cha phulusa la zomera chimakhala ndi potaziyamu wambiri kuposa sodiyamu, choncho n'chabwinoko kwa ambiri, koma osati kwa munthu amene impso zake zili ndi vuto. Za potaziyamu tibwererako kumapetoku.

Kumbukiraninso kuti soda amabisala muchigumu, ndipo ufa wotupitsira mandasi ndi masikono nawonso uli ndi sodiyamu. Chimodzimodzi mankhwala a ufa aja othetsa chilungulira, amene amachita thovu mukawathira m'madzi. Wa bipi asawasandutse chizolowezi.

Tembenuzani paketi musanalipire

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kutsogolo kwa paketi kumakhala chithunzi cha nkhuku yonona ndi masamba obiriwira. Choonadi chimakhala kumbuyo, m'timalemba ting'onoting'ono. Ngati maso akukanika, jambulani ndi foni mukulitse.

Poyamba yang'anani mndandanda wa zimene anaikamo. Opanga amayamba ndi chimene chachuluka kwambiri, n'kumatsika. Mukaona mawu oti "Salt" ali koyambirira kapena pachiwiri, dziwani kuti mukugula mchere wopaka mtundu. Zokometsera zambiri za ufa zothira mumsuzi, za pachipisi ndi za pankhuku zimagwera pamenepa.

Kachiwiri fufuzani mawu oti "Sodium" m'kabokosi ka manambala, pansi pa mzere wolembedwa "per 100g". Kuti mudziwe kuti ndi mchere wochuluka bwanji, chulukitsani nambalayo ndi 2.5. Tiyerekeze kuti chitini cha nsomba chalembedwa kuti sodiyamu ndi mamiligalamu 400 pa magalamu 100. Mukachulukitsa ndi 2.5 mupeza mamiligalamu 1,000, yomwe ndi galamu imodzi ya mchere. Chitini chaching'ono chija chimalemera magalamu 155, ndiye munthu akachidya yekha wameza galamu imodzi ndi theka. Utaka wauwisi wolemera chimodzimodzi sufika n'komwe theka la galamu, bola wophika asalemere dzanja.

Kuti musamavutike ndi masamu pashelefu, sungani manambala awiri amene amagwiritsa ntchito ku Britain posiyanitsa zakudya. Chakudya chikakhala ndi sodiyamu wosaposa mamiligalamu 120 pa magalamu 100, n'cha mchere wochepa, tengani. Chikaposa mamiligalamu 600, n'cha mchere wambiri, bwezani pashelefu. Zapakatikati n'zodya mwa apo ndi apo. Mukayesa muyezo umenewu mudzaona kuti timakyubu, supu wa m'paketi, polone, soseji ndi kapaketi kokometsera manudozi zambiri zimagwera kumtunda.

Msampha uli pa mzere wina wolembedwa "per serving". Nambala yake imaoneka yaing'ono chifukwa opanga amayeza kagawo kochepa, kamene palibe Mmalawi amakhuta nako. Inu muziyerekeza zinthu ziwiri pa magalamu 100 basi.

Nanga soya pisi, ndiwo ya pamwezi pakati? Soya payekha alibe mlandu. Vuto ndi ufa wokometsera umene amausakaniza m'paketimo. Ngati mwagula, sefani ufa uja muutaye, muviike soyayo m'madzi ofunda, mufinye, kenako mukazinge ndi anyezi ndi tomato wanu. Musathirenso kyubu. Nyemba, khobwe kapena nandolo zouma zimagwira ntchito yomweyo popanda mavuto onsewa.

Buledi naye amanamiza chifukwa sawawa mchere. Ku South Africa boma linachita kuika lamulo: kuyambira 2016 buledi asapose mamiligalamu 400 a sodiyamu pa magalamu 100, ndipo mu 2019 anatsitsanso kufika pa 380. Taonani, ngakhale buledi wotsatira lamulo ali ndi pafupifupi galamu ya mchere pa magalamu 100. Buledi wa pabekale yapafupi kawirikawiri sabwera ndi manambala alionse. Sindikuti asiyiretu, koma chinangwa chophika, mbatata, nthochi zophika kapena phala la mgaiwa lothira nsinjiro zikhale za masiku ambiri, buledi akhale wa Lamulungu pochokera kutchalitchi.

Nsomba zilibe paketi, funsani

Mwayi waukulu wa munthu wa bipi wokhala ku Likoma ndi nyanja. Nsomba yaiwisi ya m'nyanja yathu, kaya ndi usipa, utaka, mcheni, chambo kapena kampango, ili ndi sodiyamu wochepa kwambiri. Mchere umalowa pokonza. Choncho ngati muli ndi ndalama ya ndiwo, bola kuitumiza pafoni kuti akagule zaziwisi kunyanja m'mawa kusiyana n'kugula zitini ku Mzuzu.

Pa nsomba zouma m'pamene pamafunika pakamwa. Safunsa anadya phula. Usipa woyanika pathandala uli wauwisi kawirikawiri sauthira mchere. Usipa wofutsa amayamba auwiritsa pang'ono asanauyanike, ndipo ena amathira mchere m'madzi owiritsirawo. Wokazinga m'mafuta uja, wokoma podya poyenda, nthawi zambiri amauwaza mchere. Nsomba zowamba zimatengera wowambayo: ena amazipaka mchere kuti zisaonongeke msanga, ena ayi. Ndipo bakayawo ndiye mchere wokhawokha, mumachita kuuona ukuyera pakhungu. Ameneyo kwa wa bipi ayi ndithu.

Funsani wogulitsa mwaulemu: "Mayi, usipawu munafutsa ndi mchere?" Ambiri amayankha zoona. Mukakayika, tengani kamodzi mulawe, lilime silinama. Ngati mwagula kale zamchere, ziviikeni m'madzi ofunda kwa theka la ola, mutaye madziwo, mutsukuluze, ndipo pophika musathirenso mchere. Kuviika kumachotsa wina, osati wonse, choncho musakutenge ngati chilolezo chogula zamchere sabata iliyonse.

Funso lomweli lifunsidwenso pa mfutso ndi pa mtedza wokazinga. Ena amafutsa masamba ndi mchere kapena soda. Mtedza gulani wauwisi, akakazinge okha ndi kusinja okha. Chiponde chopera pakhomo n'chabwino kuposa cha m'botolo chimene anathiramo mchere ndi shuga.

Ndiye ndiwo zikome ndi chiyani?

Apa m'pamene ambiri timalephera. Timachotsa mchere ndi kyubu, osaikapo kanthu, ndiwo n'kukhala ngati madzi otsukira mbale. Wodwala amapirira masiku atatu, lachinayi mumamupeza ali ndi kamchere kobisa kuchipinda. Mukachotsa, bwezeranipo china. Zimene zimagwira ntchito zili m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi zowawasa. Kuwawasa kumadzutsa lilime mofanana ndi mchere, moti ndiwo ya mchere wochepa imamveka yokwanira. Ndimu ndiye mfumu: mufinyire pansomba mutaphula kale, osati ili pamoto. Bwemba woviika m'madzi ofunda amakometsa msuzi wa nsomba ndi nyemba. Mango osapsa odula tizidutswa amachita chimodzimodzi, ndipo nyengo yake ku Likoma sasowa. Malambe nawo, amene mitengo yake yangoti mbwee pachilumbachi, ufa wake umakometsa phala popanda kuthira mchere. Chenjerani ndi achali wa m'botolo: ndi wowawasa inde, koma amasungidwa ndi mchere wambiri.

Gulu lachiwiri ndi zonunkhira: anyezi, adyo, jinja, tsabola wa kambuzi kwa amene m'mimba mwawo mumalola. Chinsinsi chili pa kaphikidwe. Anyezi akazingidwe pamoto wochepa mpaka afiire, ndiye muthire adyo ndi jinja wosinja, kenako tomato apse mpaka madzi aphwe, mafuta ayambe kuonekera. Kukoma kumene timakufuna mukyubu kumachokera pamenepo. Usipa wouma wopanda mchere mukaukazinga pang'ono n'kuusinja, supuni imodzi ya ufa wake imasintha mphika wa masamba kuposa kyubu. Ngati mukugula zonunkhira za ufa m'sitolo, sankhani zoima pazokha, monga tsabola wakuda yekha kapena adyo yekha, osati zosakaniza, ndipo mutembenuzebe paketi.

Gulu lachitatu ndi nsinjiro. Masamba otendera amakoma ndi mchere wochepa kwambiri kusiyana ndi ongowiritsa. Nkhwani, chisoso, bonongwe, kholowa, chigwada, zonsezi zimalola.

Pali ufa wina woyera wonyezimira wokometsera ndiwo, umene pamapaketi amaulemba kuti MSG. Uli ndi sodiyamu wocheperapo, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a amene ali mumchere. Koma m'zokometsera zambiri za m'sitolo amauphatikiza ndi mchere, ndipo pakhomo anthu amauthira pamwamba pa mchere, osati m'malo mwake. Mapeto ake sodiyamu amangowonjezereka.

Mchere uti wogula?

Mchere suchoka m'nyumba, ungochepa. Funso n'loti uti. Ena amakhulupirira kuti mchere wamibulu, wa m'nyanja yamchere kapena wofiirira wodula uja wa m'masitolo akuluakulu ndi wabwino kwa wa bipi. Si zoona. Yonseyo sodiyamu wake ndi wofanana pafupifupi. Wamibulu umavutanso kuyeza, chifukwa dzanja limatapa wambiri.

Gulani mchere wosalala wa m'paketi wokhala ndi ayodini, amene amateteza ku chithokomiro ndiponso amafunika pa kukula kwa ubongo wa ana a pakhomopo. Muguleko ndi kasupuni kamodzi kokhala m'chitini cha mcherewo nthawi zonse, kuti wophika asiye kutapa ndi dzanja.

Pali mtundu wina umene m'masitolo ena akuluakulu a m'mizinda mungaupeze: mchere umene anachotsamo gawo la sodiyamu n'kuikamo potaziyamu. Umboni wake ulipo. Kafukufuku wamkulu wa ku China amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021 anatsatira anthu pafupifupi 21,000 a m'midzi 600 kwa zaka pafupifupi zisanu. Amene ankaphikira mchere wa magawo 75 a mchere wamba ndi magawo 25 a potaziyamu, sitiroko inachepa pakati pawo ndi 14 pa 100 iliyonse poyerekeza ndi anzawo. Mu 2025 WHO inalimbikitsa mchere wotere kwa akuluakulu, koma malangizowo sakukhudza amayi oyembekezera, ana ndi odwala impso.

Apa ndiye musathamange. Impso zikakhala zofooka, potaziyamu amaunjikana m'magazi ndipo angathe kusokoneza kugunda kwa mtima. Mankhwala ena a bipi nawo amasunga potaziyamu m'thupi, monga amene papaketi pake pamalembedwa Enalapril, Losartan kapena Spironolactone. Anthu ambiri amene akhala ndi bipi kapena shuga kwa zaka impso zawo zimafooka iwo osadziwa. Musagulire munthu mchere umenewu musanaone m'buku lake lakuchipatala ndi kufunsa dokotala wake. Ine sindinawagulire azakhali, chifukwa amodzi mwa mankhwala awo ali pamndandanda umenewu. Potaziyamu wa m'nthochi, mbatata, nyemba ndi masamba ndi amene amawakwanira.

Katoni ya masiku ano

Tsopano ndikamamanga katoni ndimaganiza zinthu ziwiri: kodi muli sodiyamu wochuluka bwanji, nanga chipirira ulendo wa pamadzi? Mumalowa nyemba ndi khobwe, mtedza wauwisi, anyezi, adyo, jinja, mandimu, bwemba ndikamupeza, mfutso umene ndafunsa kafutsidwe kake, mafuta ophikira, ndi paketi imodzi ya mchere wa ayodini. Tomato ndi masamba aawisi sindiika, zimafika zitaphwanyika. Za zimenezo ndi za nsomba ndimatumiza ndalama pafoni, amakagula okha kumsika wa ku Mbamba kapena kunyanja. Timakyubu, zitini ndi majarini zinatuluka, ndipo ndalama yake ndi yomwe imagula nsomba.

Pakhomo tinagwirizana zinthu zitatu. Choyamba, mphika ndi umodzi. Kuphikira wodwala kamphika kakekake kumamusala, kumadya nkhuni, ndipo sikukhalitsa. Komanso ana a munthu wa bipi ndi amene ali pamzere wotsatira. Chachiwiri, mchere wa tsiku lonse umayezedwa m'mawa n'kuikidwa m'kambale: masupuni aang'ono awiri a anthu anayi, osati anayi monga kale. Ukatha, watha. Chachitatu, sitinadule tsiku limodzi. Masabata awiri oyamba tinachotsa timakyubu ndi kutsika pa masupuni atatu, kenako tinafika pa awiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha: lilime limatenga masabata angapo kuti lizolowere, ndipo likazolowera, ndiwo za kwa aneba zimayamba kumveka zowawa mchere.

Tikabwereza masamu aja, masupuni awiri ndi magalamu 10, kugawa anthu anayi ndi magalamu awiri ndi theka. Kyubu palibe, soda ndi wa mwa apo ndi apo, buledi ndi wa Lamulungu. Tikawonjezera sodiyamu wachilengedwe wa m'nsomba ndi masamba, azakhali ali pansi pa magalamu 4. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona ngakhale ndili ku Mzuzu: paketi ija ya magalamu 500 iyenera kufika masiku 50. Ikatha msanga, ndimadziwa kuti dzanja la wina layambanso kulemera.

Musayembekeze zozizwitsa. Kwa munthu wa bipi, kuchotsa magalamu anayi kapena asanu a mchere patsiku kumatsitsa nambala yapamwamba ija ndi pafupifupi 5, ena kuposerapo, ena kucheperapo. Zikuoneka zochepa, koma pa nkhani ya sitiroko zimawerengedwa, ndipo mankhwala amagwira bwino ntchito mchere ukachepa. Chimene sikuchita n'kulowa m'malo mwa mankhwala. Bipi ikatsika, woyenera kusintha mlingo wa mankhwala ndi dokotala, osati wodwala, osatinso inu wogula katundu. Akayamba kumva chizungulire poimirira, apite akayezetse, anene kuti pakhomo achepetsa mchere. Ndipo mukaona pakamwa papotoka, dzanja kapena mwendo wafooka mbali imodzi, kapena mawu akutuluka mosamveka, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, musadikire kuti kuche.

Katoni yoyamba yatsopano itafika ku Chipyela, azakhali anandiimbira madzulo ake. "Mwanawe, ntchito yatha kodi? Bwanji watitumizira za kumudzi zokhazokha?" Ndinaseka, n'kuwafotokozeranso masamu athu aja. Anakhala chete pang'ono, kenako anati: "Chabwino. Koma mandimuwa wachepetsa. Mwezi wamawa uwonjezere."

Paketi imene anatsegula tsiku limenelo inatha patapita masiku 44. Sitinafike pa 50, koma tachoka kutali ndi 25. Inunso lembani tsiku limene yakwanu yatsegulidwa.